Masamba atatu odzadza, koma funso silinayankhidwe

Mnyamata wina wa Folomu 4 ankadziwika kalasi yonse ndi kuloweza. Buku la The Pearl, lomwe John Steinbeck anatulutsa mu 1947, ankalidziwa mwakuti anzake akaiwala dzina la mwana wa Kino kapena chimene chinamuluma, ankangotembenukira kwa iye. Kuseri kwa kope lake anakoperako ndime zitalizitali za m'bukumo ndipo ankazibwereza m'mawa ndi madzulo.

Pa mayeso okonzekera MSCE panabwera funso lakuti asonyeze mmene malo ochitikira nkhani amachititsira wowerenga kumva mantha, mtendere kapena chisoni. Mnyamatayo anamwetulira. Anayamba ndi kunena kuti nkhaniyi ikuchitikira ku La Paz, m'dziko la Mexico, mphepete mwa nyanja. Kenaka anandandalika malo onse motsatana: nyumba zazitsamba za asodzi, tauni ya nyumba zamiyala, nyanja, maofesi a ogula ngale, mapiri. Pa malo alionse ankafotokoza zimene zinachitikapo, ndipo pakati pa yankho anatsanulapo ndime yonse ya mizere isanu ndi umodzi imene analoweza. Anadzaza masamba atatu, natuluka m'chipinda cha mayeso akutambasula zala.

Pepala linabwerera ndi malikisi osafika ndi theka lomwe. M'mphepete aphunzitsi analemba funso limodzi lokhalokha katatu konse: "Nanga wowerenga akumva chiyani apa?"

Anapita kukadandaula. "Madamu, kodi pali chimene ndalakwitsa? Malo onse ndawatchula."

"Wawatchuladi," anatero aphunzitsiwo, "koma funso silinati undiyendetse m'tauni ya La Paz. Tsegula mutu woyamba, pamene Kino waima pa chipata cha dokotala. Undiuze zimene akumva ndi makutu ake."

Mnyamatayo anawerenga. Kuseri kwa mpanda kukumveka madzi akuthira pa miyala, mbalame za m'zikwere zikuimba, ndiponso matsache akusesa. Kukubweranso fungo la nyama ya nkhumba yokazinga.

"Nanga Kinoyo ali kuti? Wabwera ndi chiyani?"

"Ali panja. Juana wanyamula Coyotito amene walumidwa ndi chinkhanira."

Apa ndi pamene panagona yankho lonse, ndipo mnyamatayo anapalumpha ndi chiganizo chimodzi chonena kuti dokotala ankakhala m'nyumba yabwino. Steinbeck akutiimika panja limodzi ndi Kino. Poyamba, zokoma za m'nyumbamo tikungozimva ndi makutu ndi mphuno, chifukwa mpanda watitchinga maso. Mkati muli kuzizira ndi kukhuta, panja pali dzuwa, khamu la anthu oonerera ndi mwana wotupa phewa. Chipata chikatseguka chikungotseguka pang'ono, kenaka n'kutsekedwanso. Wowerenga akumva manyazi a munthu wokanidwa pamaso pa anzake, ndi mkwiyo umene ukusowa potulukira, mpaka Kino akumenya chipatacho ndi chibakera n'kudzing'amba zala. Zindikirani kuti sanamenye munthu. Wamenya chipata, pakuti chipatacho ndicho chaima pakati pa mwana wake ndi mankhwala.

Ndime yabwino ya yankho ikanayenda motere. Chiganizo choyamba chitchule chimene wowerenga akumva, ndipo chitchule mosankha mawu: kunyozeka ndi mkwiyo wobisika. Kungoti malowa ndi omvetsa chisoni sikukwanira, popeza theka la bukuli ndi lomvetsa chisoni. Chachiwiri chinene pamene tili m'nkhani, mwachidule. Kenaka pabwere mawu otapa m'buku, awiri, atatu kapena anayi okha, monga aja onena za mbalame za m'zikwere, ali m'mitengero ndipo alukidwa m'chiganizo chako chomwe. Zikatero ndiye ntchito yeniyeni iyambe: ziganizo ziwiri kapena zitatu zofotokoza chimene mawuwo akuchita. N'chifukwa chiyani mlembi sanangoti mbalame, koma mbalame zotsekeredwa? M'nyumba ya dokotala ngakhale nyimbo ili ndi mwini wake. Munthu atha kutsutsa maganizo amenewa, koma wochonga akuona kuti wolemba wagwira mawu a mlembi n'kuwafunsa mafunso.

Ndime yaitali ija sinamuthandize konse mnyamatayo. Anaikopera, naisiya ili chiimire popanda kunenapo kanthu, ngati mboni yoitanidwa pabwalo la milandu koma osafunsidwa funso ndi limodzi lomwe. Inamudyeranso nthawi imene akanalembera mfundo ina. Choipa kwambiri n'chakuti anaiika pa malo olakwika. Ndimeyo imanena za nkhungu yonyenga maso imene imakuta nyanja m'mutu wachiwiri, m'mawa umene Kino akupeza ngale, pamene zinthu zakutali zimaoneka ngati zikuyandama ndipo munthu sangakhulupirire maso ake. Iye anaiika m'mapiri a m'mutu womaliza. Wochonga wodziwa buku akaona zotere amayamba kukayikira ndi zina zonse zimene walemba. Chonsecho, pa malo ake enieni, nkhunguyo ikanamupatsa mfundo yamphamvu: chuma cha Kino chikutuluka m'nyanja imene mlembi watichenjeza kale kuti imanamiza maso, choncho chimwemwe chathu chikubwera ndi kakukayika.

Ngati mawu enieni akuthawa m'mutu, afotokoze m'mawu ako ndipo usaike mitengero. Mitengero imalonjeza kuti awa ndi mawu a mlembi ndendende. Kufotokoza kolondola kumaposa mawu otapa opotoka.

Aphunzitsi aja anamupatsa ntchito yolembanso ndime imodzi yokha, ya dziwe la m'mapiri. Poyamba iye analemba kuti Kino ndi Juana anapeza madzi ndipo anabisala m'phanga. N'zoona, koma nayonso ndi nkhani chabe. Atawerenganso anaona kuti Steinbeck akuima kaye pa dziwelo asanapitirize nkhani. Akutionetsa kasupe wotsika m'mng'alu wa mwala m'dziko louma, achule, ndi nyama zobwera kudzamwa kuchokera kutali. Pomwepo akutiuzanso kuti zilombo zolusa zimagwirira anzawo pa madzi omwewo n'kusiya nthenga zitamwazika. Banja lothawa alondola mapazi atatu lafika pa malo amene chilichonse chaludzu chimafika, kuphatikizapo owasaka. Mpumulo umene wowerenga anamva poona madzi ukusanduka mantha mfuti isanalire. Ndipo ikulira pomwepo usiku, mmodzi wa osakawo atamva kulira kwa mwana n'kukuyesa kwa kamwana ka chilombo chakutchire.

Ndime imeneyi inatenga theka la tsamba. Inali ndi mawu otapa atatu okha, ndipo aphunzitsi anati ikanakhala yoyamba pa mayeso aja, sakanalemba funso lawo lija m'mphepete.

Ena amaganiza kuti kutchula malo ambiri ndiko kusonyeza kuti unawerenga buku lonse. Ine ndimaona kuti malo awiri kapena atatu osiyana mamvekedwe, ofukulidwa bwino, amasonyeza zimenezo koposa. Chipata cha dokotala chili koyambirira, dziwe lili kumapeto, ndipo amene wafotokoza zonse ziwiri mozama waonetsa kale kuti bukulo analimaliza.

Inu amene mukukonzekera mayeso, tsegulani kuseri kwa kope lanu lero. Ndime iliyonse yaitali imene munakopera, idulenimo mawu osapitirira anayi, ndipo pambali pake mulembe mutu umene akuchokera ndi chimene wowerenga amamva akawawerenga.