Yankho kwa womvera wa ku Zóbuè: mawu akupitirira zithunzi

Zikomo achimwene a ku Zóbuè chifukwa cha kalata yanu. Mwati kanema wanu ndi wa masekondi 30, koma zithunzi zimatha inu mukadalankhula.

Yambani mwadziyesa liwiro. Tcherani wotchi ya pafoni, muwerenge mokweza mosathamanga kwa masekondi 30, kenako muwerengere mawu amene mwatchula. Musadalire chiwerengero cha anzanu owerenga Chipwitikizi, chifukwa mawu athu ndi aatali.

Tinene kuti mwapeza mawu 45, ndiye kuti mawu atatu pa masekondi awiri alionse. Tsopano gawani motsata zithunzi. Sitima ya malasha ya ku Moatize ikuoneka masekondi 8. Siyani sekondi imodzi koyambirira ndi ina kumapeto kuti phokoso la sitimayo limveke. Atsala 6, okwana mawu 9. Malole a pachipata cha Zóbuè akuoneka masekondi 12, atsala 10, mawu 15. Msika wa masekondi 10 ulandira mawu 12. Onse pamodzi ndi 36, osati 45.

Mukaona malole atulukira inu mukadakamba za sitima, chiganizo chatalika. Musathamangitse lilime, achimwene, omvera sadzagwira kanthu. Chotsani mawu, kapena talikitsani chithunzi cha sitimacho. Mukayesa mutilemberenso.