Kuchotsa Phokoso la Mphepo pa Mawu Ojambulidwa pa Foni

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umakuntha mu Lilongwe, ndipo ukangoleka, Seputembala ndi Okutobala amabweretsa akavuluvulu ndi fumbi. Aliyense amene amafunsa anthu mafunso pabwalo, kaya pamsika wa Mgona, kwa Nsungwi ku Area 25 kapena m'misewu ya ku Chinsapo, amabwerera ndi mawu odzaza ndi bubububu. Zambiri mwa izi zimakonzeka. Chimene chimawononga ndi chakuti pafupifupi aliyense amayambira pa batani lolakwika.

Zokonzekera

Mukufunika laputopu, pulogalamu yaulere ya Audacity ndi mahedifoni. Ngakhale a pamsika a masauzande angapo akwanira, koma osadalira sipika ya foni kapena ya laputopu, chifukwa siitulutsa besi, ndipo mphepo imakhala m'besimo. Mudzaganiza kuti mwamaliza, nkhaniyo n'kukabangula pa wailesi ya m'minibasi. Fayilo ichotseni m'foni ndi chingwe, kapena muitumize pa WhatsApp ngati Document. Sungani kope limene simudzalikhudza. Audacity ikakana fayilo ya m4a, ikufuna FFmpeg, ikani. Ngati mawu ali pa mizere iwiri, sankhani Split Stereo to Mono n'kumvetsera uliwonse pawokha. Mafoni ena amajambula ndi maikolofoni iwiri, ndipo nthawi zina mphepo imamenya imodzi yokha. Zikatero, tayani woipawo ndipo theka la ntchito latha.

Musayambe ndi Noise Reduction

Apa ndi pamene ndaona anthu akugwa mobwerezabwereza. Munthu amatsegula fayilo, amaona dzina lakuti Noise Reduction, amasankha kachigawo ka mphepo, amadina Get Noise Profile, kenaka amakankhira nambala pa 24 dB kapena 30 dB. Zotsatira zake, wofunsidwa uja amamveka ngati akulankhulira pansi pa madzi, pamatuluka timaphokoso tachitsulo, ndipo mphepo ija ikadalipo. Kenaka amabwereza kachiwiri ndi kachitatu, mawu n'kutheratu.

Chifukwa chake n'chosavuta. Noise Reduction imaphunzira phokoso kuchokera pa kachigawo kamene mwaipatsa, n'kumalifunafuna m'fayilo monse. Imagwira bwino pa phokoso losasintha, monga kulira kwa jenereta, chigayo chakutali kapena sssss wa foni yomweyo. Mphepo siili choncho. Sekondi ino yawomba mwamphamvu, yotsatira yaleka, yachitatu yabwera mwamtundu wina. Mukaiphunzitsa ndi chimphepo champhamvu, imadula kwambiri ngakhale pamalo pamene panalibe mphepo, ndipo imadya mawu a munthu. Oyamba kuzimirira ndi malembo opepuka ngati s, f, ts ndi ps, amene amathandiza kuti timve chimene chanenedwa. Mukaiphunzitsa ndi kamphepo kofooka, champhamvu chija chimadutsa osakhudzidwa. Mbali zonse mwaluza.

Komanso chimene mumamva si kulira kwa mphepo kochokera patali. Ndi mpweya umene ukugunda maikolofoni mwachindunji n'kumaikankha uku ndi uku, monga umachitira ndi lata losakhomedwa bwino padenga. Kukankha kumeneku kumachedwa poyerekeza ndi mawu a munthu, choncho mphamvu yake yambiri imakhala pansi kwambiri, kumunsi kwa 200 Hz kapena 300 Hz. Apa ndiye pali mwayi wanu, chifukwa zimene zimapangitsa mawu kumveka zili pamwamba pake. Foni yakale ya waya inkadutsitsa kuyambira cha pa 300 Hz mpaka 3400 Hz basi, koma anthu ankamvana. Ntchito yanu ndi kudula pansi, osati kupukuta paliponse. Ndibwerezenso: Noise Reduction ibwere cha kumapeto, ndipo nthawi zambiri siifunika n'komwe.

Dulani pansi, koma mwapang'onopang'ono

Sinthani maonekedwe a mzere wa mawu kukhala Spectrogram. Mphepo imaoneka ngati chigamba chowala chopanda mizere m'munsi mwenimweni, pamene mawu a munthu amaoneka ngati timizere tosanjikizana. Onani pamene chigambacho chalekezera.

Sankhani fayilo yonse ndi Ctrl+A, pitani ku Effect, mutsegule High-Pass Filter. Chenjerani: ikatsegulidwa koyamba imakhala pa 1000 Hz. Amene amangodina osawerenga amatsala ndi mawu owonda ngati a pa kawailesi kophwanyika. Lembani nokha nambala. Pa Roll-off sankhani 24 dB, kutanthauza kuti mukadula pa 120 Hz, phokoso la pa 60 Hz litsika ndi pafupifupi 24 dB. Ya 6 dB ndi yofewa kwambiri, mphepo imangodutsa.

Nambala yodulira imadalira wolankhula. Mawu a abambo ambiri amayambira pakati pa 85 Hz ndi 180 Hz, a amayi ambiri pakati pa 165 Hz ndi 255 Hz. Kwa bambo yambani pa 80 Hz, kwa mayi pa 120 Hz. Dinani Preview, mumvetsere, mukweze ndi 20 Hz, mumvetserenso. Pitirizani chomwecho mpaka mutamva kuti mawu ayamba kuwonda, kuti munthu uja wataya chifuwa. Pamenepo bwererani sitepe imodzi n'kuima. Musamve za iwo amene amakupatsani nambala imodzi ya fayilo iliyonse. Sanamve fayilo yanu.

Chizolowezi china chaulesi n'chosanjikiza: kudula pa 100 Hz, osakhutira, n'kudulanso pa 150 Hz pamwamba pake. Mukalakwa, bwererani ndi Ctrl+Z n'kuyambiranso pa mawu oyambirira. Yerekezaninso pa mphamvu yofanana, chifukwa mukachotsa besi fayilo imamveka yotsika, ndipo khutu limakonda kunena kuti chokwera ndiye chabwino.

Amene ali ndi mafayilo ambiri angachite izi ndi lamulo limodzi la FFmpeg pa fayilo iliyonse, n'kumasintha dzina la fayilo ndi nambala yodulira:

```
ffmpeg -i mafunso.m4a -af "highpass=f=120,highpass=f=120" mafunso.wav
```

Highpass yalembedwa kawiri mwadala, chifukwa imodzi imadula 12 dB yokha.

Chimphepo chilichonse pachokha

Kudula kuja kumachotsa mphepo yanthawi zonse, koma zimphepo zadzidzidzi zimatsala chifukwa zimakwera mpaka 400 Hz kapena kupitirira. Musakweze nambala ya fayilo yonse chifukwa cha masekondi ochepa. Pitani pa chilichonse.

Tiyerekeze kuti mwafunsa mayi wogulitsa madzi pa kiyosiki ku Chinsapo masana a mu Julayi. Mawu ndi a mphindi zitatu. Pa 140 Hz bubububu wapansi watha ndipo mayiyo akumvekabe monga iye mwini. Zatsala zimphepo zinayi.

Choyamba chagwa pamene mayiyo anali chete, akuganiza yankho. Chisankheni, mutsegule Amplify, mulembe -12. Musaikepo Silence, chifukwa womvera adzadabwa kuti zidebe ndi ana amene ankamveka kumbuyo apita kuti. Ngati mpatawo ndi wautali, uduleni ndithu.

Chachiwiri chagwa pamwamba pa mawu atatu. Sankhani kuyambira pa mpata wa mawu asanayambe mpaka pa mpata wotsatira, dinani Z kuti malire agwe pamalo posachititsa kuthetheka, kenaka ikani High-Pass Filter pa 280 Hz pa kachigawo komweko. Mawu atatuwo adzawonda, koma kwa sekondi imodzi khutu limakhululuka. Kwa mphindi zitatu silingakhululuke.

Chachitatu chatha msanga, koma pambuyo pake mawu a mayiyo atsika kwa masekondi awiri. Izi zachita ndi foni: mafoni ambiri amatsitsa okha mphamvu akamva chinthu chachikulu, ndipo amachedwa kubwerera. Sankhani potsikapo n'kukweza ndi Amplify, pakati pa 3 ndi 6, mpaka pafanane ndi pozungulira.

Chachinayi ndiye choipa. Bwererani ku Waveform, mukulitse. Nsonga za mafunde zaphwatalala, ndipo mawu akung'ambika ngakhale mwadula pansi. Apa maikolofoni inadzaza, ndipo mawu a mayiyo sanalowe bwino n'komwe. Clip Fix ingathandize ngati nsonga zophwatalala zili zochepa. Zikakhala zambiri, lekani kutaya nthawi. Dulani chiganizo chonsecho, kapena nenani nokha m'mawu anu zimene mayiyo ananena, kapena bwererani ku Chinsapo mukafunsenso. Musalumikize zidutswa za ziganizo zosiyana mpaka munthu anene chimene sananene.

Ntchito yotere pa mphindi zitatu imadya mwina theka la ola mukazolowera, ola lathunthu mukamayamba. Ngati mphepo yaphimba mawu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mtengo wa kabaza wobwerera komweko ndi wochepa kuposa tsiku lonse pa laputopu.

Kumalizitsa

Tsopano mvetserani. Ngati kwatsala phokoso losasintha, monga makina a owotcherera zitsulo aku Biwi akulira chapatali, apa ndiye Noise Reduction ili ndi ntchito. Tengani Get Noise Profile pamalo opanda mawu komanso opanda mphepo, kenaka sankhani fayilo yonse, mutsegulenso Noise Reduction, ikani 6 dB, musapyole 9 dB. Musanavomereze, sankhani Residue n'kudina Preview kuti mumve zimene zikuchotsedwa. Mukamva mawu a munthu mmenemo, mwapyola muyezo, tsitsani. Mukakhutira bwezerani pa Reduce.

Normalize ibwere pamapeto, pa -1 dB. Amene amayamba nayo amadabwa kuti siikweza kanthu. Siingakweze, chifukwa imayeza nsonga yaitali kwambiri, ndipo mphepo isanachotsedwe nsongayo ndi ya mphepo. Tulutsani WAV yosunga, MP3 ikhale yotumiza yokha. Mvetserani pa mahedifoni, kenaka pa sipika ya foni. Musafune kuti pakhale zii ngati m'situdiyo. Mafunso a pamsika azimveka kuti ndi a pamsika, bola mawu onse akumveka popanda womvera kuvutika.

Ulendo wina

Imani kuseri kwa mpanda, kontena kapena khoma la golosale, thupi lanu litchinge kumene mphepo ikuchokera. Maikolofoni yaikulu ya mafoni ambiri ili kumunsi, pafupi ndi potchajira. Mbali imeneyo ndiyo iyang'ane kwa wolankhula, pamtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, pansi pang'ono pa chibwano. Ivekeni sokosi yaubweya yoyera, kapena kansalu kamanyenje ka pa chidole cha pa kaunjika, komwe kamaposa siponji kukakhala mwera. Kamaikolofoni kokoleka pa kolala mungakapeze m'mashopu a mafoni, koma kopanda chovala chaubweya nako kamalira chimodzimodzi. Ndipo musanafunse funso loyamba, jambulani masekondi khumi, muvale mahedifoni, mumvetsere pomwepo. Mukamva bubububu, sunthani malo wofunsidwayo akadali pamaso panu.