Ndinaichotsa pafoni, koma ndalama zikudulidwabe

Woulutsa: Kalata iyi yachokera kuno ku Furancungo, kwa bambo wina wolima fodya. Akuti: "Nditagulitsa fodya ndinalowa pulogalamu ya pafoni yopezera chibwenzi, n'kulipira ya mwezi ndi mwezi pa khadi la kubanki. Tsopano ndapeza mbeta konkuno, tikukonzekera chinkhoswe. Pulogalamuyo ndinaichotsa pafoni, koma mametikali akuchokabe. Nditani?" Achimwene, athandizeni.

Katswiri: Bambo, choyamba mafuno abwino. Mwachotsa chikwangwani chokha, sitolo ikadali yotsegula. Ngati munagula kudzera pa Play Store, wotolera ndalama mwezi uliwonse ndi Google, ndipo sasiya mpaka mutamuuza. Ngakhale mufafanize mbiri yanu yonse ya pa pulogalamuyo, kulipirako sikuima.

Tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu pamwamba kudzanja lamanja, musankhe Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Pafoni ya Chipwitikizi mawuwa amayamba ndi Pagamentos. Dinani dzina la pulogalamuyo, kenako Cancel subscription, mutsatire mpaka kumapeto. Mudziwa kuti zatheka mukaona kuti pomwe panalembedwa tsiku lodulanso ndalama, tsopano palembedwa tsiku lothera.

Mukapeza mndandanda uli mbee, musasangalale msanga. Ambiri kuno akaunti ya Gmail anatitsegulira ndi mnyamata wokonza mafoni pamsika, ndipo foni imodzi imakhala ndi maakaunti awiri kapena atatu. Malipiro amakhala pa akaunti imene inagula. Dinaninso kachithunzi kaja, musinthe akaunti, muyang'ane iliyonse.

Mukatha apo m'pamene mufafanize mbiri, ndipo apa musachite ulesi, chifukwa nkhope yanu ikuonekabe kwa anthu a dera lino. Achibale a mkazi wanu akhoza kuipeza chinkhoswe chisanachitike. Ikaninso pulogalamuyo, mulowe ndi nambala kapena imelo yomwe ija. Pa Tinder, mwachitsanzo, mumapita ku Settings, n'kutsikira pansi penipeni pa Delete Account. Akunyengererani kuti mungoiimitsa kaye, koma kuimitsa kumangoibisa. Kanani. 

Woulutsa: Mayi wina wa ku Tsangano akuti foni yawo inabedwa, sangathe kuchita zimenezi.

Katswiri: Mungathe, mayi. Bwerekani foni ya munthu amene mumamukhulupirira, mutsegule play.google.com, mulowe ndi Gmail yanu, muletsere pomwepo. Mukatha tulukani mu akauntiyo. Ngati mumalowa mu pulogalamu ya chibwenziyo ndi nambala ya foni, pitani ndi chiphaso chanu kwa a Movitel kapena Vodacom, kumene munalembetsa, akubwezereni nambalayo, chifukwa nambala yachinsinsi yolowera imabwera pa uthenga wa pafoni. Ngati nambala yachinsinsi ya Gmail munaiiwala ndipo yakanika kubwezeretsa, pitani kubanki akatseke khadilo, akupatseni lina.

Woulutsa: Nanga ndalama zodulidwa kale?

Katswiri: Za miyezi yapita muziiwale. Google imamvera kwambiri pempho lobweza ndalama likafika pasanathe maola 48 chidulireni. Akapitirira pamenepo amakutumizani kwa eni pulogalamu, ndipo iwo sabweza wamba.