Kontirakitala wathawa nyumba isanathe: mulembe chiyani m'kalata?

Ambiri mwa ife tikapita kumudzi pa tchuthi timakhala alembi a banja. Achibale akangodziwa kuti muli ku koleji, kalata iliyonse yovuta imabwera kwa inu. Imodzi mwa makalata amenewa ndi yopita kwa kontirakitala amene walandira ndalama zambiri n'kusiya nyumba isanathe. Kalata imeneyi imatsogola mlandu usanapite kukhoti, ndipo ikalephera kumubweza pa ntchito, imadzakhala umboni pamaso pa woweruza. Choncho polemba muziganizira owerenga awiri: kontirakitalayo lero, ndi woweruza mawa.

Tiyerekeze kuti azakhali anu anapangana ndi kontirakitala kuti awamangire nyumba ya zipinda zitatu pa mtengo wa K18,000,000, zipangizo ndi ntchito yomwe. Amupatsa kale K15,000,000 m'magawo atatu. Khoma lafika pa lintala, koma denga palibe, pulasitala palibe, zitseko ndi mawindo palibe. Patha miyezi iwiri amisiri osaoneka, foni sayankha, ndipo mvula yayandikira.

Azakhali adzakuuzani kuti mulembe zoti abweze K15,000,000 yonse. Musalembe zimenezo. Maziko ndi khoma zilipo, ndipo ndi za azakhali. Mukaitanitsa ndalama zonse, kontirakitala adzangoloza khomalo, ndipo kalata yanu idzaoneka ngati yalembedwa ndi mkwiyo.

Pa nkhani ya pangano losweka, lamulo limafuna kuti wolakwiridwa afike pamene akanafika pangano likanasungidwa. Azakhali anayenera kukhala ndi nyumba yomalizidwa atalipira K18,000,000 basi. Funso ndi lakuti: kumaliza nyumbayo tsopano kudya ndalama zingati? Musalembe kanthu musanaitane katswiri wowerengera mitengo ya zomangamanga, kapena makontirakitala ena awiri, kuti aone ntchito yotsala n'kulemba mtengo wake papepala. Tinene kuti apeza K10,200,000. Pa mtengo wa pangano azakhali akadali ndi K3,000,000 imene sanalipire, ndipo imeneyo akanailipira ndithu. Mukaichotsa pa K10,200,000 patsala K7,200,000. Ndalama yolemba m'kalata ndi imeneyo.

Ena amawerengera mwa njira ina. Amayesa ntchito yomwe yagwiridwa, tinene kuti ndi ya K9,500,000, n'kuichotsa pa K15,000,000 yolipidwa, n'kupeza K5,500,000. Njira imeneyi imangoonetsa ndalama yomwe kontirakitala wadya osaigwirira ntchito, koma imaiwala kuti malata ndi simenti zakwera mtengo pamene iye anali kuzemba. Kusiyana kwa K1,700,000 kumeneko sikuyenera kugwera azakhali. Komabe musapezerepo mwayi. Ngati pangano linali la simenti pansi, simungaike matailosi pa mtengo womalizira kuti alipire ndi iye.

Tsiku lomwelo jambulani zithunzi za mbali zonse za nyumbayo, ndipo werengani zipangizo zotsala: matumba a simenti, njerwa, matabwa. Kontirakitala wina akangoyamba ntchito, palibe adzathe kusiyanitsa za woyamba ndi za wachiwiri. Sonkhanitsaninso malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, mapepala a kubanki ndi zokambirana za pa WhatsApp. Ngati pangano linali la pakamwa, likadali pangano, koma umboni wake ndi zinthu zimenezi pamodzi ndi anthu omwe analipo. Ngati linalembedwa, liwerengeni kaye. Mapangano ena amanena masiku a chenjezo, ena amati mkangano uyambe wapita kwa mkhalapakati, ndipo zimenezo muyenera kuzitsata.

Pamwamba pa kalata lembani tsiku, keyala ya azakhali, ndi dzina la amene anapangana naye monga momwe lilili pa pangano kapena pa lisiti. Ngati ndi kampani, kalata ipite ku kampaniyo, osati kwa kapitawo wake. Mawu ake angakhale otere:

"Bambo, pa 3 Febuluwale tinapangana kuti mundimangire nyumba ya zipinda zitatu pa K18,000,000, ndi kuti ithe pofika pa 30 Juni. Ndinakulipirani K6,000,000 pa 3 Febuluwale, K5,000,000 pa 20 Malichi ndi K4,000,000 pa 8 Meyi, zonse pamodzi K15,000,000. Munasiya ntchito pa 12 Ogasiti khoma lili pa lintala, ndipo mpaka lero simunabwerenso. Denga, pulasitala, pansi, zitseko ndi mawindo sizinachitike. Kumeneku ndi kuswa pangano lathu. Ndikukupatsani mpaka pa 28 Okutobala kuti mubwerere pa ntchito ndi kundipatsa ndondomeko yolembedwa ya momwe mumalizire. Mukapanda kutero, ndidzaona kuti pangano mwalithetsa ndinu, ndidzalemba kontirakitala wina, ndipo ndidzakusumirani kukhoti kuti mundilipire K7,200,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi ndalama za mlandu. Mawerengedwe a ndalamayi ndi malisiti ndaphatikiza."

Mwaona kuti palembedwa tsiku lenileni, osati "msanga". Masiku 14 amakwanira pa ntchito ngati iyi. Mwaonanso kuti wapatsidwa mpata wobwerera, ngakhale azakhali sakufunanso kumuona. Mpata umenewu umateteza azakhali omwewo. Akalemba wina mawa popanda chenjezo, woyamba uja adzauza khoti kuti sanathawe, anangopita kukasaka malata, ndipo pobwera anapeza atachotsedwa. Pamenepo woswa pangano angaoneke ngati ndi azakhali.

Mawu akuti "wakuba" asapezekemo, ngakhalenso kuopseza kuti mumuyalutsa pa Facebook kapena kuti apolisi akamugwira. Kulephera kumaliza ntchito kawirikawiri ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo chipongwe cholembedwa chingakubwerereni ngati mlandu woipitsa mbiri. Wilibala ndi zida zake zomwe wasiya musazigulitse. Zilembeni m'kalata kuti adzatenge. Ngati ali m'kaundula wa bungwe lolembetsa makontirakitala, lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC, mungamuuze mwaulemu kuti mukapereka dandaulo kumeneko.

Nanga akakhala wa mumpingo mwathu? Zimachitika, ndipo nthawi zambiri n'chifukwa chake panalibe pangano lolemba. Njira ya pa Mateyu 18, yoyamba kuonana awiri, kenako ndi mboni, kenako mpingo, itsatidwe. Ine ndimaona kuti kalatayi siitsutsana nayo. Akulu a mpingo amathandiza bwino akaona masiku ndi ndalama papepala kusiyana n'kumva mbali ziwiri zikukangana za zomwe aliyense akukumbukira. Akavomera kubweza pang'onopang'ono, zilembedwe: ndalama zingati, tsiku liti, ndipo asainire.

Kalata isainidwe ndi azakhali, osati inu, chifukwa pangano ndi lawo. Pangani makope awiri. Ina mumupatse pamanja pali mboni, ina asainepo kuti walandira. Akakana kusaina, mboni ilembe tsiku, nthawi ndi malo, ndipo mutumizenso chithunzi cha kalatayo pa foni yake.

Tsiku lija likadutsa ali chete, chitani zomwe munanena, pakuti kalata yachiwiri ndi yachitatu zimangomuphunzitsa kuti mumangoopseza. Lamulo la dziko lino limapereka zaka 6 zokasumira mlandu wa pangano, koma khoma losafoleredwa silingadikire choncho. Khoti limayembekezeranso kuti wolakwiridwa achepetse kuwonongeka, ndiye azakhali akasiya khoma kuti livumbwidwe nyengo ziwiri za mvula, zogumukazo sangazilipiritse zonse. Afolere, asunge lisiti lililonse, ndipo apite ndi mapepala onsewa kwa loya, kapena ku Legal Aid Bureau ngati alibe ndalama yolembera loya.