Firiza ya ayisi ikamadya mayuniti, yang'anani kumene yakhala

Kukamatentha mu Okutobala, eni mafiriza oumitsa ayisi wa nsomba ku Monkey Bay, Msaka ndi pa boma la Mangochi amadandaula chimodzimodzi: mayuniti akutha msanga, koma mabuloko sakuuma bwino. Ambiri amathamangira kuitana mmisiri kuti awonjezere gasi. Musanatulutse ndalamayo, dziwani nambala imodzi imene amisiri amaitcha COP.

Firiza sipanga kuzizira. Imanyamula kutentha kumene kuli m'madzi n'kukakutaya kunja. N'chifukwa chake m'mbali mwake kapena kumbuyo kwake mumatentha ikamalira. COP ndi kutentha kumene yachotsa m'kati, kugawa ndi magetsi amene kompulesa yadya. COP ikakhala 2, ndiye kuti yuniti imodzi ya ESCOM yatulutsa mayuniti awiri a kutentha.

Wozolowera injini ya boti kapena jenereta amaona ngati apa pali bodza, poti injini singabweze zoposa zimene yamwa. Zoona, koma ntchito zake n'zosiyana. Injini imasandutsa moto wa mafuta kukhala mphamvu yoyendetsa zinthu, ndipo gawo lalikulu limathawira ku utsi ndi kutentha kwa chitsulo. Kajenereta ka petulo kakachita bwino kamabweza pafupifupi 20 pa 100 alionse, ndipo palibe injini yofika 100. Firiza sisandutsa magetsi kukhala kuzizira, imangowagwiritsa ntchito posamutsa katundu amene alipo kale, monga wamtengatenga amene nsima ya mbale imodzi imamunyamulitsa matumba ambiri. Kotero COP kupitirira 1 si zachilendo.

Tiyeni tiwerengere malita 100 a madzi, omwe ndi makilogalamu 100, otungidwa masana ali pa madigiri 30. Kuti azizire, aume, mpaka ayisi afike madigiri 10 pansi pa ziro, pafunika kuchotsamo kutentha kokwana mayuniti 13.4. Mayuniti oposa 9 mwa amenewa amapita pa kuumitsa pokha, madzi atafika kale pa ziro, n'chifukwa chake madzi amazizira msanga koma buloko imachedwa kulimba pakati. Pa COP ya 2, mita idya mayuniti 6.7. Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, lita ya petulo yokhala ndi mayuniti pafupifupi 9 a kutentha ikupatsani magetsi osakwana mayuniti awiri, ndiye ayisi yemweyo amwa malita pafupifupi anayi. Amene amagulitsa buloko ya pa jenereta pa mtengo wofanana ndi ya pa ESCOM akudzibera yekha.

Nkhani yagona poti COP siima pamodzi. Ili ndi malire ake, amene amapezeka motere:

COP = Tc ÷ (Th − Tc)

Tc ndi kuzizira kwa mapaipi a m'kati, Th ndi kutentha kwa mapaipi otayira kunja, ndipo pa nambala iliyonse ya madigiri mumawonjezera 273. M'kati mukakhala madigiri 20 pansi pa ziro, kunja 40, malire ndi 4.2. Firiza yeniyeni imafika pafupifupi theka lake. Tsopano iikeni m'kachipinda ka malata kopanda zenera, yotsamira khoma, pambali pake pali matumba a usipa wouma. Mapaipi akunja akafika 55, malire amatsika kufika 3.4, COP yanu ija ya 2 n'kukhala 1.6. Ayisi yemwe uja tsopano adya mayuniti 8.4. Firiza sinawonongeke, gasi sanathe, yangosowa kotayira kutentha.

Mafiriza ambiri otsegulira pamwamba ali ndi mapaipi otayira kutentha m'kati mwa makoma ake enieniwo. Ena amawafunditsa bulangeti kapena chiguduli chonyowa ndi nsomba poganiza kuti akusunga kuzizira, pamene akutsekereza kutentha. Siyani mpata woposa chikhatho mbali zonse, ipatseni mthunzi ndi mphepo, ndipo pukutani fumbi pamene pali kompulesa. M'kati namo, chipale chikakhuthala pa makoma mapaipi amayenera kuzizira kwambiri kuti akoke kutentha, ndipo COP imatsikanso. Zimitsani chisungunuke chokha. Mpeni umaboola paipi, gasi n'kuthadi. Madzi oumitsa musawasiye padzuwa, thirani otungidwa m'mamawa.

Kuti mudziwe pamene muli, zimitsani zina zonse m'nyumba, lembani mayuniti a pa mita, thirani malita odziwika, ndipo werenganinso ayisi akauma. Nambalayo ituluka yoipirapo kuposa ya pa pepala, chifukwa kutentha kwina kumalowera m'makoma ndi pa labala ya chitseko. Isungeni. Mukakonza malo, bwerezani muyeso ndi malita omwewo. Mayuniti akapanda kutsika, kompulesa n'kumangolira osapuma pamene chipale chikugwira mbali imodzi yokha ya khoma, apo ndiye itanani mmisiri, ndipo mumuuze ayambe wapeza pamene gasi akutulukira asanathire wina.