Kalembedwe ka Kalata Yantchito: Kupempha Malo a Dimba kwa Mfumu

Mlimi akatsiriza maphunziro ake pano, chinthu choyamba chimene amasowa ndi malo. Kuno ku Bundabunda malo ambiri ali m'manja mwa mafumu, ndipo munthu amayamba wafika kwa mfumu ya mudzi asanaike khasu pansi. Mawu apakamwa ali ndi ulemu wake, koma amaiwalika. Mfumu imene inavomera ikamwalira, kapena mnansi akayamba kusuntha malire, chimene chimatsala ndi pepala lokhala ndi tsiku, saini ndi chidindo. N'chifukwa chake phunziro lino tikulikhazika pa kalata imodzi yokha, ya mlimi wopempha malo a dimba. Wodziwa kuyala kalata imeneyi sangavutike kulembera wapampando wa kopaletivu kapena mlangizi wa zaulimi, pakuti mafupa ake ndi omwewo.

Mmene kalata imayalidwira

Kalata yantchito imasiyana ndi kalata yamchezo chifukwa ili ndi makeyala awiri ndiponso mutu. Pamwamba penipeni timalemba keyala ya wolemba, kuti yankho lidziwe kobwerera. Dzina la wolemba siliikidwa pamenepa, malo ake ndi kumapeto. Tikatero timadumpha mzere umodzi n'kulemba tsiku, ndipo mwezi timaulemba m'mawu. Tsiku lolembedwa 3/4/25 wina angalimve ngati 3 Epulo, wina ngati 4 Malichi, pamene 17 Malichi 2025 salola mkangano.

Pansi pa tsiku pamabwera keyala ya wolandira. Imeneyi imayamba ndi udindo wa munthuyo, osati dzina lake lobadwa nalo, chifukwa tikulembera mpando. Munthu amachoka, koma mpando umatsala pamodzi ndi makalata ake. Kenako pamabwera malonje, mutu wa kalata, thunthu lake, mawu otsazika, saini ndi dzina. Chigawo chilichonse chimasiyana ndi chinzake ndi mzere umodzi wopanda kanthu. Njira yosavuta ndiyo kuyamba mizere yonse kumanzere kwa pepala. Amene anaphunzira kuika keyala yawo kumanja sakulakwa, bola tsiku likhale pansi pa keyalayo.

Nachi chitsanzo chathunthu. Mawu amene ali m'mabulaketi wolemba aliyense aikepo zake.

Mudzi wa (dzina la mudzi)
Dera la Mfumu Bundabunda
Chongwe

17 Malichi 2025

A Mfumu
Mudzi wa (dzina la mudzi)
Chongwe

Olemekezeka a Mfumu,

PEMPHO LA MALO A DIMBA

Ndalemba kalatayi kupempha malo a dimba okwana lima imodzi, ndiye kuti mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Malowo ali kum'mawa kwa dibi la ng'ombe, pakati pa mtengo wa mkuyu ndi njira yopita kuchigayo.

Ndine mwana wa m'mudzi muno ndipo ndatsiriza maphunziro a zaulimi. Ndikufuna kulimapo tomato, anyezi ndi repu kuyambira mwezi wa Meyi chaka chino. Ndikulonjeza kuti sindidzadula mkuyuwo kapena kutseka njira ya ng'ombe yopita kumadzi.

Ndidzathokoza mukatumiza nduna kuti idzaone malowo ndi kuika malire mwezi wa Epulo usanathe. Ndaphatikiza kope la chitupa changa.

Ine mwana wanu,
(saini)
(dzina lonse)
(nambala ya foni)

Tione chimene ndime iliyonse yachita. Yoyamba yatchula pempho m'chiganizo choyambirira, yanena kukula kwa malo ndi pamene ali. Mawu onga akuti "kamalo pang'ono kudambo" ndiwo amabala milandu, chifukwa pang'ono pa wopempha si pang'ono pa wopereka. Lima ndi muyeso umene alimi a m'Zambia amaudziwa, gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, komabe taonjezera mamita kuti wopima asakayike. Ndime yachiwiri yanena amene akupempha ndi chimene adzachite pamalopo. Yachitatu yanena chimene wolemba akuyembekezera ndi nthawi yake. Kalatayo yalembedwa mu Malichi kuti mfumu ikhale ndi masabata okwanira ulimi wa kudimba usanayambe.

Ngati mfumu ya mudzi yanena kuti nkhaniyo ipite kwa mfumu yaikulu, keyala ya wolandira imasintha. Timayamba ndi mfumu yaikulu, ndipo pansi pake timalemba kuti "Kudzera kwa:" n'kutchula mfumu ya mudzi, kusiya mpata woti isaine ndi kudinda. Kalata yodumpha mfumu ya mudzi kawirikawiri imabwezedwa kuti ikayambire kumene inayenera kuyambira.

Malonje

Malonje a kalata yantchito ndi mzere umodzi wokha. Kwa mfumu timalemba "Olemekezeka a Mfumu," pogwiritsa ntchito mawu ochulukitsa, monga timachitira polankhula ndi akuluakulu. Kwa wapampando wa kopaletivu timalemba "Olemekezeka a Wapampando," ndipo kwa mlangizi "Okondedwa a Mlangizi," n'kokwanira. Ngati sitikudziwa kuti pampandopo pali mwamuna kapena mkazi, udindo wokhawo umatipulumutsa ku manyazi otchula mayi kuti bambo.

Tione kalembedwe ka "a" waulemu. Amaima payekha, ndipo akakhala pakati pa mzere amalembedwa ndi lembo laling'ono, pamene udindo kapena dzina limayamba ndi lembo lalikulu: a Mfumu, a Mlangizi. Amakhala wamkulu pokhapokha akayamba mzere kapena chiganizo. Ulemu umene tayamba nawo uyeneranso kufika kumapeto. Sitingayambe ndi "Olemekezeka" kenako n'kulemba kuti "ukatumiza nduna". Mneni aliyense wonena za mfumu atenge "mu" ndi "ni": mukatumiza, ndikukupemphani.

Ambiri amamva ngati n'chipongwe kulowa m'nkhani osafunsa za moyo, motero amadzaza ndime yoyamba ndi kufunsa za ana, za mvula ndi za matenda. Malonje oterowo ndi a kalata yamchezo, ndiponso a pakamwa. Kalata ya kwa mfumu siilowa m'malo mwa miyendo. Timaipereka tokha ndi manja awiri, ndipo moni wautali timaupereka pamenepo. Papepala, mlembi amene adzaitsegule patapita zaka zisanu akufuna kupeza msanga kuti anapempha ndani, chiyani ndipo liti.

Mawu otsazika

Mawu otsazika amatsatira ubale umene ulipo. Kwa mfumu ya mudzi wathu, "Ine mwana wanu," ndi mawu oyenera. Kwa wapampando, mlangizi kapena mkulu wa ofesi timalemba "Ine wanu," kapena "Ine wanu wokhulupirika,". Mawu akuti "Wanu mwa Ambuye," tiwasungire makalata opita ku bungwe la mpingo, ndipo "Ndatha ine wako" ndi a kwa mnzathu wa paubwana. Lembo lalikulu limakhala pa liwu loyamba lokha, ndipo mzerewo umatha ndi mpatuliro chifukwa dzina likubwera pansi pake.

Saini imakhala pamwamba, dzina lowerengeka bwino pansi. Dzinalo lilembedwe monga lilili pa chitupa, osati dzina la pamudzi. Ngati wopempha sadziwa kulemba, adinde chala pamalo a saini, ndipo womulemberayo aike dzina la mwini pempho, osati lake. Wolembera gulu aonjezere udindo wake pansi pa dzina, monga Mlembi kapena Msungichuma.

Zizindikiro za m'kalembedwe

Pa makeyala pali njira ziwiri. Ina imaika mpatuliro kumapeto kwa mzere uliwonse ndi mpumiro pa mzere wotsiriza. Ina, imene tatsata m'chitsanzo chathu, siika chizindikiro chilichonse. Zonse n'zololedwa, koma njira imene tasankha pa keyala yoyamba ikhalenso pa yachiwiri. Mutu wa kalata umalembedwa ndi malembo aakulu okhaokha, kapena ndi malembo wamba odulidwa mzere kunsi, ndipo sutha ndi mpumiro chifukwa si chiganizo.

Mpatuliro umalekanitsa zinthu za mumndandanda, koma suikidwa patsogolo pa "ndi" wotsiriza: tomato, anyezi ndi repu. Vuto lalikulu limabwera mpatuliro ukaikidwa pamene panayenera mpumiro. Tiyerekeze kuti mlimi walemba kuti: "Padimbapo sindidzalima fodya, chimanga ndi nyemba ndidzabzala kumunda kwa bambo." Wowerenga amayamba wamva kuti fodya, chimanga ndi nyemba zonse zili mumndandanda umodzi, ndipo akafika pa "ndidzabzala" amasokonezeka. Mpumiro umachotsa chisokonezocho: "Padimbapo sindidzalima fodya. Chimanga ndi nyemba ndidzabzala kumunda kwa bambo." Njira yodziwira ndiyo kuwerenga mokweza. Pamene mawu atsika ndipo ganizo latha, pafunika mpumiro.

Mfunsiro ndi wa funso lenileni, monga "Kodi nduna idzabwera liti?" Koma chiganizo chakuti "Ndikufuna kudziwa tsiku limene nduna idzabwere" chimatha ndi mpumiro, ndipo m'kalata ya kwa mfumu ndicho chaulemu kuposa funso lachindunji. Mfuuliro ulibe malo m'kalata yantchito, chifukwa papepala umamveka ngati kukalipa.

Nkhodolero, kachizindikiro kokoweka pamwamba, imaonetsa pamene lembo lagwa, monga "mu mudzi" akasanduka m'mudzi ndi "ndi kofunika" akasanduka n'kofunika. Imasiyanitsanso kamvekedwe ka ng' mu ng'ombe ndi ng wa mu ngolo. Olemba ambiri amaiikanso pa m'bale, munthu wa pabanja, kuti asafanane ndi mbale yodyera.

Amene anaphunzira Chinyanja m'sukulu za m'Zambia anazolowera kulemba c pamene mabuku a ku Malawi amalemba ch, monga caka ndi chaka. Mfumu idzamva zonse ziwiri, koma kalata imodzi itsate kalembedwe kamodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Kalata isanachoke m'manja

Tilembe makope awiri ofanana, ndi bolopeni yakuda kapena yabuluu, osati pensulo. Pamene talakwitsa nambala kapena muyeso tisafute, tiyambe pepala lina, chifukwa nambala yofutidwa imakayikitsa tsiku la mlandu. Popereka kalata, tipemphe mfumu kapena mlembi wake kuti asaine ndi kulemba tsiku lolandirira pa kope lathu, ndipo kopelo tilisunge pamodzi ndi chitupa, kutali ndi chinyezi ndi chiswe. Tikumbukirenso malire a pepalali: kalata yathu ndi pempho chabe, si chilolezo. Chilolezo ndi yankho la mfumu, ndipo nalonso tipemphe kuti lilembedwe, litchule malire amene nduna yaika, ndi kudindidwa.

Ophunzira a chaka chino alembe kalata yawo potsata chitsanzochi, atchule malo enieni a kwawo ndi muyeso wake, ndipo abwere nayo m'kalasi kuti tidzaiwerenge mokweza pamodzi.