Mboni pa fomu ya pa intaneti: yambani mwapempha, dzina lilembedwe pambuyo

Fomu yofunsira ntchito kapena maphunziro pa intaneti imakhala ndi gawo lolembedwa Referees. Pamenepo mumalemba anthu awiri kapena atatu amene adaona ntchito yanu kapena adakuphunzitsani: dzina, udindo, kumene akugwira ntchito, nambala ya foni ndi imelo. M'bale wanu musamulembe. Abusa kapena amfumu alembeni pokhapokha fomuyo ikufuna umboni wa khalidwe.

Chimene ambiri sauzidwa ndi ichi. Pa mafomu ambiri, makamaka a mayunivesite akunja, mukangodina Submit, kapenanso mukangosunga imelo ya mboniyo, kompyuta imamtumizira yokha uthenga wokhala ndi linki yoti alembepo umboni. Palibe munthu amene amuimbire foni kumukumbutsa. Tsiku lotseka likafika iye asanalembe, fomu yanu imawerengedwa yosakwanira, ndipo kawirikawiri sakuuzani chifukwa chake. Taona anthu a mapepala abwino kwambiri akugwa chonchi, uthenga uli phee mu Spam ya aphunzitsi amene sankadziwa n'komwe kuti adalembedwa.

Pemphani kudakali masabata atatu kapena anayi. Musangofunsa kuti, "Bwana, ndingakulembeni?" Mwaulemu wathu uja palibe adzakukanireni pamaso. Funsani motere: "Bwana, ndikufunsira maphunziro akutiakuti. Adzakutumizirani uthenga pa imelo, ndipo akutseka pa 30. Mungakwanitse kundilembera umboni wabwino lisanafike tsikulo?" Akayankha kuti "tiona", kapena kuti "ingolembani, palibe vuto" osafunsa chilichonse, sakani wina wapadera. Akavomera, atumizireni mbiri yanu ya maphunziro ndi ntchito, chilengezo cha mwayiwo, ndi zaka zimene mudali pansi pawo, chifukwa mphunzitsi wa ophunzira mazanamazana sangakumbukire aliyense. Imelo akulembereni okha pa meseji, musailembe pongomva pa foni, poti chilembo chimodzi chikalakwika uthenga sufika. Ngati ali ndi imelo ya kuntchito lembani imeneyo, chifukwa ena amakayikira ya Gmail, koma muwafunse ngati amaitsegula. Pali maimelo ena a m'maofesi amene satsegulidwa chaka chathunthu.

Tiyerekeze namwino amene walemba mkulu wa wodi yake ndi mphunzitsi wake wakale. Watumiza fomu Lolemba. Tsiku lomwelo awauze onse awiri kuti uthenga wanyamuka. Lachinayi atsegule fomu aone ngati pa dzina lililonse pasonyeza kuti umboni walandiridwa. Ngati mphunzitsi akuti sanaone kanthu, ayang'ane mu Spam. Ngati mulibe, namwino aone ngati adalemba imelo molondola, atumizenso pempholo ngati fomu ili ndi batani lake, ndipo alembere eni fomu asanasinthe dzina. Ajambule sikirini nthawi iliyonse, tsiku likuoneka. Ofesi ikadzanena kuti sidalandire, mawu apakamwa sadzakuthandizani.

Tsono za ndalama. Palibe lamulo lokakamiza munthu kukhala mboni yanu. Akhoza kukana, ndipo dzina ndi nambala yake si zanu zoti muzigawa iye osadziwa. Koma kukana n'kosiyana ndi kugulitsa. Wogwira ntchito m'boma akakuuzani kuti umboni kapena chidindo chituluka mukaperekako kangachepe, akuphwanya lamulo lothana ndi katangale la 1995, ndipo nanunso mukapereka mwalowa m'mlandu. Mukhoza kukadandaula ku bungwe la ACB. Chimatipweteka n'chakuti opemphedwa "ya fanta" amakhala anthu osowa ntchito, amene ngakhale ndalama ya bandulo achita kubwereka. Ndipo kalata yosainidwa imene yagona masabata awiri pa tebulo la mlembi, mwina nkuti akudikira kuti mufunse mtengo. Musafunse. Bwererani kwa amene adasainayo.

Ena amakuuzani kuti mudzilembere nokha umboniwo iwo angosaina, kapena mutsegule imelo m'dzina lawo. Imelo ya m'dzina la wina ndi chinyengo, ndipo chikaululika mwayi umalandidwa ngakhale mutayamba kale. Za kudzilembera, apatseni mfundo zokumbutsa, mawu akhale awo.

Nanga ngati mudasiyana moipa ndi abwana anu akale? Musawalembe mwakachetechete n'kumayembekezera chifundo. Lembani wina amene adayang'anirapo ntchito yanu komweko. Gawo 31 la lamulo la ntchito la 2000 likuti pamene ntchito yatha, wolemba ntchito akupatseni satifiketi mukaipempha, yosonyeza nthawi imene mudagwira ndi udindo wanu, ndipo asalembemo zoweruza kagwiridwe kanu ka ntchito inu musanapemphe. Satifiketiyi silowa m'malo mwa mboni, koma imatsimikiza kuti mudagwiradi pamenepo. Ipempheni polemba kalata, musunge kope lodindidwa tsiku, ndipo akakukanizani pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.